Lipoti la Kumasulira Chidule cha Kafukufuku wa PopART kwa Mtolankhani wa pa Wailesi ku Lusaka

Chakumapeto kwa Novembala 2019, mtolankhani wina wa pa wailesi kuno ku Lusaka, mayi amene amakonza pulogalamu ya zaumoyo m'Chinyanja, anandibweretsera pepala limodzi la m'Chingerezi kuti ndimumasulire. Ankakonzekera pulogalamu ya pa 1 Disembala, tsiku lokumbukira matenda a Edzi padziko lonse, ndipo ankafuna kuuza omvera zimene anapeza akafukufuku omwe anthu ambiri m'makomboni anawaona akuyenda khomo ndi khomo. Ntchito yanga ndi yomasulira zolemba za chipatala, makamaka mapepala ofotokozera odwala ndi makalata opempha chilolezo kwa anthu olowa m'kafukufuku, choncho mawu a madokotala ndinawazolowera, koma kumasulirira munthu amene akawerenga mawuwo pa wailesi kwa omvera osawadziwa n'komwe kuli ndi zovuta zakezake, ndipo n'chifukwa chake ndalemba lipotili.

Pepalalo linali chidule cha nkhani yomwe inatuluka mu Julayi 2019 m'magazini ya madokotala yotchedwa New England Journal of Medicine, yofotokoza zotsatira za kafukufuku wa HPTN 071, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti PopART. Kafukufukuyu anachitika kuyambira 2013 mpaka 2018 m'madera 21, ndipo 12 mwa maderawo anali a muno m'Zambia pomwe 9 anali a ku South Africa. Anthu okhala m'madera onsewa anali pafupifupi 1 miliyoni. Kuno ntchitoyi inkayendetsedwa ndi bungwe la Zambart, lomwe lili ku Ridgeway, mogwirizana ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi mabungwe ena. Maderawo anawagawa mwamwayi, ngati pochita maere, m'magulu atatu a madera 7 gulu lililonse. Mu gulu A, alangizi a zaumoyo ankayendera nyumba iliyonse kukayeza magazi, kugawa makondomu, kufufuza zizindikiro za chifuwa chachikulu ndi kutumiza anthu ku chipatala, ndipo aliyense wopezeka ndi kachilombo ka HIV ankaloledwa kuyamba ma ARV nthawi yomweyo. Mu gulu B alangizi ankayenderanso nyumba chimodzimodzi, koma mankhwala ankayambidwa motsata malamulo a boma a nthawi imeneyo. Gulu C linkalandira chithandizo cha masiku onse cha ku chipatala, popanda maulendo a m'nyumba.

Mtolankhaniyo anabwera ali kale ndi mutu wa nkhani m'kope lake, wakuti "Kuyamba ma ARV msanga kwachepetsa Edzi ndi 30 peresenti." Anandiuza mwaulemu kuti, "Bambo, inu mungondithandiza mawu ovutawa, mutu ndaupeza kale." Ndinamupempha kuti andipatse masiku awiri, ndiponso kuti mutuwo tiuike pambali kufikira titawerengera limodzi chidule chonse.

Mmene ndinagwirira ntchito

Ndisanalembe mawu alionse a Chinyanja, ndinatenga pensulo n'kulemba mzere pansi pa nambala iliyonse ya m'chidulecho, ndipo pambali pake ndinayankha mafunso atatu: nambalayi ikuwerenga chiyani, mwa anthu ati, ndipo akuiyerekeza ndi gulu liti. Kenaka ndinafuna nkhani yonse ya m'magaziniyo, chifukwa chidule chimalembedwa mothithikana ndipo pena chiganizo chimodzi chimabisa ndime zitatu. Ndinamasulira kawiri. Kumasulira koyamba kunali kotsata chiganizo ndi chiganizo, ndi manambala onse, kuti mtolankhani asunge ngati umboni wake. Kwachiwiri kunali ndime yaifupi yowerengeka pa wailesi. Pomaliza ndinapereka Chinyanja changa kwa mnzanga wina amene ndi namwino, yemwe anali asanaone Chingerezi chake, kuti achibweze m'Chingerezi, ndipo ndinayerekeza zimene iye analemba ndi chidule chenichenicho. Njira yobwezayi imadya nthawi, koma ndi imene inagwira cholakwa changa chimene ndichifotokoze pansipa.

Otenga kachilombo kumene, ndi amene ali nako kale

Vuto loyamba linali m'mawu akuti "kwachepetsa Edzi." Kafukufukuyu sanawerenge anthu odwala Edzi, ndipo sanayeze ngati chiwerengero cha anthu amene ali ndi kachilombo chatsika. Anawerenga anthu amene poyamba analibe kachilombo koma anakatenga m'kati mwa nthawi ya kafukufuku. Akatswiri ali ndi mawu awiri osiyana pa zinthu ziwirizi: insidensi ndi kuchuluka kwa anthu otenga kachilombo kumene pa nthawi yoikika, pomwe pulevalensi ndi kuchuluka kwa anthu amene ali nako pa tsiku lowerengera, kaya anakatenga dzulo kaya zaka khumi zapitazo. M'chilankhulo chathu zonsezi timangoti "kuchuluka kwa matenda," ndipo womasulira akatopa amalemba choncho n'kupitirira.

Kusiyanaku si kwa m'mabuku chabe. Mankhwala akamagwira ntchito bwino m'dera, anthu amene ali ndi kachilombo amakhala ndi moyo zaka zambiri, motero chiwerengero chawo chikhoza kukhala chomwecho kapena kukwera, pamene otenga kachilombo atsopano akuchepa. Womvera wa ku Chawama akamva kuti "Edzi yachepa ndi 30 peresenti" koma pa mzere wolandirira mankhwala ku kiliniki akuona anthu ambirimbiri monga kale, anena kuti wailesi yanama, ndipo pamenepo mtolankhani wataya chikhulupiriro cha omvera pa chinthu chimene kafukufuku sananene n'komwe. Chidulecho chikunena kuti pachiyambi anthu 21 kapena 22 mwa 100 alionse m'magulu atatuwo anali ndi kachilombo kale, ndipo nambala imeneyi ndinaimasulira kuti "amene anali nako kale." Paliponse pamene pankanenedwa za insidensi ndinalemba mawu onse, akuti "anthu amene anatenga kachilombo kumene," ngakhale kuti mawuwa ndi aatali ndipo amabwera kambirimbiri. Mtolankhaniyo anati omvera ake ambiri amati "kadoyo" osati "kachilombo," ndipo pamenepo sindinatsutse, chifukwa tanthauzo silisintha ndipo iye ndi amene amadziwa makutu a anthu ake.

Cholakwa changa chinali pa chiganizo chotsatira. Akafukufuku sanayeze anthu 1 miliyoni onse kuti adziwe zotsatira, koma anasankha mwamwayi anthu 48,301 a zaka 18 mpaka 44 n'kumawatsatira chaka ndi chaka. Chidulecho chikuti pakati pa mwezi wa 12 ndi mwezi wa 36 panapezeka anthu 553 otenga kachilombo kumene, kenaka chikupereka nambala ya 39,702. Ine pomasulira koyamba ndinalemba kuti "anthu 553 mwa anthu 39,702." Mnzanga uja atabweza m'Chingerezi, chiganizo chake chinasiyana ndi cha eni ake, ndipo ndinaona kuti 39,702 si anthu ayi, koma ndi zaka zophatikiza zimene anthu onse anakhala akutsatiridwa. Munthu mmodzi wotsatiridwa zaka ziwiri amawerengedwa zaka 2, ndipo amene anasamuka patatha chaka chimodzi amawerengedwa chaka 1. Tikagawa 553 ndi 39,702 n'kuchulukitsa ndi 100 timapeza 1.4, yomwe ndi nambala yolembedwa m'chidulemo. Popeza "munthu mmodzi ndi kachidutswa" sizimveka pa wailesi, ndinachulukitsa ndi khumi n'kulemba kuti mwa anthu 1,000 alionse amene analibe kachilombo, pafupifupi 14 ankakatenga pa chaka, ndipo kwa akazi anali 17 pomwe kwa amuna anali 8. Kusintha kotereku n'kololedwa chifukwa mulingo wake ndi womwewo, koma m'kumasulira kwa chiganizo ndi chiganizo ndinasiya manambala monga analembedwera.

30 peresenti ndi ya gulu liti

Apa ndi pamene mutu wa mtolankhani unagwera. Zotsatira zazikulu za m'chidulecho ndi izi, ndipo manambala ake ndawakopera monga amaonekera:

```
A vs C: 0.93 (95% CI, 0.74 to 1.18; P=0.51)
B vs C: 0.70 (95% CI, 0.55 to 0.88; P=0.006)
```

Nambala yoyamba pa mzere uliwonse ikuyerekeza liwiro la kutenga kachilombo m'gulu lina ndi la m'gulu C. Ikakhala 1.00 ndiye kuti magulu awiriwo ndi ofanana, ikachepera 1 ndiye kuti otenga kachilombo ndi ochepa kuposa a m'gulu C. Kwa mtolankhani ndinafotokoza chonchi: tiyerekeze kuti m'madera a gulu C anthu 100 atenga kachilombo, ndiye kuti m'madera a gulu B okhala ndi anthu ochuluka mofanana, pa nthawi yofanana, atenga ndi anthu pafupifupi 70, ndipo m'madera a gulu A ndi pafupifupi 93. Motero 30 peresenti ija ndi ya gulu B, limene poyamba silinkapereka mankhwala nthawi yomweyo kwa aliyense. Gulu A, lomwe ndilo linali la kuyamba ma ARV msanga kuchokera pachiyambi, linasiyana ndi gulu C ndi 7 peresenti yokha.

Ndinamuchenjezanso kuti 30 peresenti imeneyi ndi yoyerekeza magulu awiri, osati kuti anthu 30 mwa 100 alionse a m'deralo anapulumuka. Popeza otenga kachilombo anali pafupifupi 14 mwa 1,000 pa chaka, kuchepa kwa 30 peresenti ndi anthu owerengeka chabe mwa 1,000 alionse chaka chilichonse. Ndi phindu lenileni, makamaka tikaganizira kukula kwa komboni ngati Kanyama, koma womvera ayenera kudziwa kukula kwake kwenikweni.

Manambala a m'mikutiramawu ndi amene atolankhani ambiri amawalumpha, koma ndiwo amanena ngati zotsatira zili zodalirika. Popeza akafukufuku anayeza gawo chabe la anthu, nambala yomwe anapeza ndi yongoyerekeza, ndipo malire awiriwo akusonyeza pamene yankho lenileni lingakhale. Kwa gulu B, malirewo ndi 55 mpaka 88 pa anthu 100 a gulu C aja, ndipo onse awiri ali pansi pa 100, kutanthauza kuti ngakhale titatenga mbali yosakondweretsa, kuchepa kulipobe. Kwa gulu A malirewo ndi 74 mpaka 118, ndipo 100 ili pakati pawo. Izi zikutanthauza kuti zotsatira za gulu A zikugwirizana ndi kuchepa kwa 26 peresenti, zikugwirizananso ndi kusasintha konse, ngakhalenso kukwera pang'ono, ndipo kafukufukuyu payekha sangatiuze kuti choona n'chiti. Mawu akuti "zatsimikizika" ndinawakana ngakhale pa gulu B, chifukwa m'makutu mwathu amamveka ngati mlandu wagamulidwa. Ndinalemba kuti "kusiyana kumeneku n'kokayikitsa kuti kunangochitika mwangozi," ndipo pa gulu A ndinalemba kuti "akafukufuku sanapeze umboni wokwanira woti panali kusiyana."

Pamene mtolankhani anatembenukira mbali ina

Atamvetsa zimenezi, mayiyo anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye kuti, Bambo, nkhani yeniyeni ndi yakuti kuyamba mankhwala msanga sikuthandiza." Kunena zoona, mutu wachiwiriwu unandiopsa kuposa woyamba uja, chifukwa woyambawo unkangokokomeza uthenga wabwino, pamene uwu ukanachititsa munthu amene wangopezeka ndi kachilombo kuzengereza kupita ku chipatala.

Ndinamufotokozera zinthu zitatu, ndipo zonse zili m'nkhani ya akafukufukuwo kapena m'kafukufuku wodziwika bwino wa m'mbuyomo. Choyamba, kusapeza umboni wa kusiyana si chimodzimodzi ndi kupeza umboni woti kusiyana kulibe, monga malire a 74 mpaka 118 akusonyezera. Chachiwiri, m'chaka cha 2016 malamulo anasintha ku Zambia ndi ku South Africa, kutsatira malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse a 2015, kuti aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala posayang'ana mlingo wa chitetezo cha m'thupi. Kuyambira pamenepo gulu B linayamba kulandira zofanana ndi gulu A, ndipo ngakhale a gulu C ankatha kuyamba mankhwala nthawi yomweyo akapita okha ku chipatala. Chidule chimatchula zimenezi m'mawu ochepa kwambiri a m'mikutiramawu, osavuta kuwalumpha, koma ndiwo akusintha tanthauzo la mayina a maguluwo, chifukwa pa mbali yaikulu ya nthawi yowerengera zotsatira A ndi B sanali osiyana kwenikweni. Pofika mwezi wa 36, anthu okhala ndi kachilombo omwe anali pa mankhwala anali pafupifupi 81 peresenti mu gulu A ndi 80 peresenti mu gulu B.

Chachitatu, funso la PopART linali lokhudza dera lonse, osati thupi la munthu mmodzi. Funso loti kodi munthu payekha amapindula akayamba msanga linayankhidwa ndi kafukufuku wina, wotchedwa START, amene mu 2015 anasonyeza kuti oyamba msanga amadwala matenda aakulu mocheperapo kuposa odikira. Ndipo kafukufuku wa HPTN 052 anasonyeza mu 2011 kuti m'mabanja amene mmodzi ali ndi kachilombo wina alibe, kuyamba mankhwala msanga kunachepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti. Zimenezi sizili m'chidule chimene anandipatsa, choncho sindinazilowetse m'kumasulira. Ndinazilemba pa pepala lina lokhala ndi mutu woti ndi ndemanga za womasulira, kuti mtolankhani asaike m'kamwa mwa akafukufuku mawu amene ali anga.

Eni kafukufukuyo sanabise vutoli. M'mawu awo omaliza akuvomereza kuti kusaoneka kwa phindu mu gulu A sanakuyembekezere, ndiponso kuti sikukugwirizana ndi zimene anapeza poyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Pa mwezi wa 24, anthu amene kachilombo kanali kataponderezedwa m'magazi mwawo anali 71.9 peresenti mu gulu A, 67.5 mu gulu B ndi 60.2 mu gulu C, kotero gulu A ndi limene linkayembekezeka kutsogola. Mtolankhaniyo ankafuna kuchotsa chiganizo chovomereza chimenechi ponena kuti chisokoneza omvera, ndipo anandipempha kuti m'malo mwake ndimuuze chifukwa chake gulu A linatero. Ndinakana zonse ziwiri. Maganizo anga ndi oti pamene gulu lili ndi madera 7 okha, dera limodzi kapena awiri okhala ndi zochitika zachilendo akhoza kupendeketsa zotsatira, koma amenewo ndi maganizo a womasulira, ndipo ngati eni ake akunena poyera kuti anadabwa, kumasulira kuyenera kusunga kudabwako. M'nkhani yonse akafukufuku anaphatikizanso A ndi B pamodzi n'kupeza kuchepa kwa pafupifupi 20 peresenti poyerekeza ndi C, ndipo ndinamuuza mayiyo kuti nambala imeneyi angaitchule pokhapokha atanena kuti ndi ya magulu awiri ophatikizidwa, ndiponso kuti siili m'chidule.

Pa mawu onena za kuponderezedwa kwa kachilombo tinakanganako pang'ono. Iye analemba kuti "kachilombo kanatha m'magazi," ndipo mawuwa amamveka bwino, koma womvera amva kuti munthuyo wachira ndipo akhoza kusiya mankhwala. Tinagwirizana pa mawu akuti "kachilombo kanachepa kwambiri m'magazi chifukwa chomwa mankhwala mosadukiza."

Ndime imene inawerengedwa

Titakonza katatu, ndime ya pa wailesi inakhala yotere: "Kafukufuku wa PopART, amene anachitika m'madera 21 a ku Zambia ndi ku South Africa kuyambira 2013 mpaka 2018, anafuna kudziwa ngati kuyendera anthu m'nyumba zawo, kuwayeza magazi ndi kuwathandiza kuyamba mankhwala kungachepetse chiwerengero cha anthu otenga kadoyo ka HIV kumene. M'gulu limodzi la madera oyenderedwa, otenga kadoyo kumene anachepa ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi madera amene sankayenderedwa. M'gulu lina la madera oyenderedwa, akafukufuku sanapeze umboni wokwanira wa kusiyana, ndipo iwo eni akuti zimenezi sanaziyembekezere. Kafukufukuyu ankayang'ana dera lonse, ndipo malangizo a chipatala sanasinthe: aliyense wopezeka ndi kadoyo ayambe mankhwala nthawi yomweyo."

Chiganizo chomalizacho si cha m'chidule, ndipo tinagwirizana kuti achiwerenge atapuma pang'ono, ngati mawu a wailesi osati a akafukufuku. Mutu unasintha n'kukhala wakuti "Kuyeza magazi khomo ndi khomo: zimene kafukufuku wa PopART wapeza." Mtolankhaniyo anadandaula kuti mutuwu ndi wozizira, ndipo sindinamutsutse, chifukwa ndi wozizira ndithu poyerekeza ndi uja anabwera nawo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinapambane. Ndinkafuna kuti malire a 55 mpaka 88 amveke pa wailesi, m'mawu akuti kuchepako kungakhale kwa pakati pa 12 ndi 45 peresenti, koma mkonzi wa pulogalamu anati manambala atatu m'chiganizo chimodzi ndi ochuluka kwa munthu amene akumvera ali m'minibasi kapena akuphika. Tinamvana kuti patsogolo pa 30 peresenti aikepo mawu akuti "pafupifupi," ndipo malire enieniwo anatsala m'kumasulira kwa chiganizo ndi chiganizo, kumene mtolankhaniyo anakhala nako pa tebulo pamene omvera ankaimba foni kufunsa mafunso.